Masiku a livi otsala: mmene mungapemphere kuti awolokere chaka china kapena akulipireni

Mlongo wanga amagwira ntchito yosunga mabuku a katundu pa kampani ina yogulitsa zinthu mopikulitsa. Chakumayambiriro kwa Disembala anandiimbira foni ali wokhumudwa. Pa bolodi la kuntchito kwawo panali patamatidwa chikalata chonena kuti aliyense amene ali ndi masiku a livi otsala angowolotsa asanu okha, ena onse afa pa 31 Disembala. Iye anali ndi masiku 9, ndipo sikuti anawasunga mwadala ayi. Kawiri konse anapempha livi, kawiri konse anamuuza kuti ayambe wadikira.

“Achimwene, ndingowauza kuti andipatse ndalama zake basi,” anatero.

Ndinamuuza kuti asafulumire. Ndakhalapo zaka zingapo pa tebulo lokonza malipiro a antchito, ndipo ndaona kuti amene amalowa mu ofesi n'kuyamba ndi mawu oti “ndilipireni” nthawi zambiri amatuluka chimanjamanja. Pali dongosolo lake, ndipo ndilifotokoza potsata zimene tinachita ndi mlongo wangayo.

Yambani ndi kudziwa pamene mwaima

Lamulo la za ntchito la dziko la Malawi la chaka cha 2000, pa gawo 44, limati wogwira ntchito masiku asanu pa sabata ayenera kulandira livi yolipidwa yosachepera masiku 15 pa chaka, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi alandire yosachepera masiku 18. Awa ndi masiku ogwira ntchito, osati a pa kalendala, Lamlungu silowerengeredwa. Lamulo lomwelo limati livi itengedwe pasanathe miyezi isanu ndi umodzi chikwanireni nthawi yake, koma ikhoza kukankhidwa ndi kuunjikidwa ngati bwana ndi wantchito agwirizana.

Mfundo ziwiri zituluka pamenepa. Yoyamba ndi yoti masiku amene lamulo limakupatsani sathera pa tsiku limene chaka cha livi chatha. Ngati chaka chanu cha livi chimatha pa 31 Disembala, abwana ali ndi mpaka kumapeto kwa Juni kuti akhale atakupatsani mpumulowo. Yachiwiri ndi yoti kupitirira pamenepo, kapena kuunjika masiku a zaka ziwiri kuti mukamange nyumba kumudzi, kumafuna mgwirizano. Simungangosankha nokha.

Nanga ndalama? Pamene lamulo limatchula zolipira masiku otsala ndi pamene ntchito yatha, kaya mwasiya nokha, kaya akuchotsani, kaya kontirakiti yafika kumapeto. Mukadali pa ntchito, kusintha livi kukhala ndalama ndi nkhani ya kontirakiti yanu, buku la malamulo a pakampani, mgwirizano wa yuniyoni ngati ulipo, kapena kufuna kwa abwana. Ndiye chifukwa chake ndinamuletsa mlongo wanga kuyamba ndi ndalama: akanayambira pamene alibe popondera, n'kusiya pamene ali ndi mphamvu.

Makampani ena amapereka masiku oposa a m'lamulo, mwina 20 kapena 24. Masiku owonjezerawo amayendera zimene zinalembedwa m'kontirakiti, ndipo ngati munasayina kuti osatengedwa amafa, n'kovuta kuwatsutsira. Choncho tengani kontirakiti yanu ndi buku la malamulo a pantchito, mufufuze zinthu zitatu: chaka cha livi chimayamba liti, masiku owolotsa ndi angati, ndipo pali mawu aliwonse onena za kulipira. Funso loyambali ambiri amalidumpha. Kwina chaka cha livi chimatsata kalendala, kwina chimatsata chaka cha zachuma cha kampani, kwinanso chimayambira pa tsiku limene munalembedwa ntchito. Munthu akhoza kuvutika mtima mu Disembala pamene chaka chake chimatha mu Malichi.

Werengani masiku anu nokha, musanafunse ku ofesi

Apa ndi pamene tinakhalitsa, chifukwa ndi pamene masiku amasowera mwakachetechete. Ndinamuuza mlongo wanga kuti atenge pepala, alembe livi iliyonse imene anatenga chaka chimenecho: tsiku lochoka, tsiku lobwerera, ndi masiku ogwira ntchito amene anali pakati. Amagwira Lolemba mpaka Lachisanu, ndiye kuti ake ndi 15. Mu Epulo anatenga masiku anayi. Mu Okutobala anachoka Lolemba n'kubwerera Lachinayi, koma Lachitatu lake linali pa 15, Tsiku la Anakubala, limene ndi holide ya dziko lonse. Ndiye kuti anadya masiku awiri okha. Onse pamodzi 6, otsala 9.

Atakafunsa kwa amayi amene amasunga mafayilo a antchito, anamuuza kuti watsala ndi 7. Awiri apita kuti? Atatsegula fayilo zinaoneka. Livi ya mu Okutobala anailemba masiku atatu, holide ija n'kuiwerengera pamodzi. Ndipo tsiku lina mu Juni limene anadwala malungo, n'kubweretsa kalata yakuchipatala, linalembedwa ngati livi ya pachaka.

Zonse ziwirizi ndi zolakwika. Gawo 45 la lamulo lija limati holide ya boma ikagwera mkati mwa livi yanu, pa tsiku limene mukanagwira ntchito, livi iwonjezeredwe tsiku limodzi. Limatinso livi ya pachaka isaphatikizidwe ndi tchuthi cha matenda kapena cha uchembere. Si kuti amayiwo anachita dala. Munthu mmodzi wosunga mafomu a anthu makumi angapo amangowerenga kuchokera tsiku lochoka kufika tsiku lobwerera. Koma inu mukapanda kuwerenga nokha, palibe amene adzakuwerengereni.

Ngati simunakwanitse chaka pa ntchitopo, masiku anu amayenderana ndi miyezi imene mwagwira. Wa masiku 15 amapeza tsiku limodzi ndi kota mwezi uliwonse. Wa masiku 18 amapeza tsiku limodzi ndi theka. Amene anayamba pa 1 Meyi, pofika kumapeto kwa Disembala wagwira miyezi 8, ndiye kuti ali ndi masiku 10 kapena 12.

Mukagwirizana nambala ndi a ku ofesi, pemphani kuti akulembereni. Kapepala kokhala ndi siginecha kapena imelo ya mzere umodzi ikwanira. Musakambe zowolotsa masiku mukadali kukangana za kuchuluka kwake.

Sonkhanitsani umboni woti munapempha

Funso loyamba limene abwana amafunsa ndi lakuti, “Nanga chaka chonsechi munali kuti osatenga livi?” Yankho lake limasintha nkhani yonse. Munthu amene sanapemphepo n'komwe akupempha chifundo. Munthu amene anapempha n'kukanizidwa chifukwa cha ntchito ya kampani akungokumbutsa ngongole.

Mlongo wanga anapempha livi mu Ogasiti, koma inali nthawi yowerenga katundu yense wa m'nyumba yosungiramo, ndipo mnzake wa pa tebulo limodzi anali atangosiya ntchito. Fomu ija inabwerera abwana atalembapo pakona ndi bolopeni yofiira kuti idikire kaye. Mwamwayi sanaitaye, anaipeza m'dirowa, pansi pa malisiti akale. Pempho la mu Novembala linali lapakamwa, koma yankho linabwera pa foni, uthenga wachidule woti adikire magalimoto a katundu wa Khirisimasi atsitsidwe. Tinaujambula uthengawo n'kuusindikiza.

Ngati mapempho anu onse anali apakamwa ndipo mayankho akenso anali apakamwa, musataye mtima, koma musanamenso. Lembani m'kalata yanu mwezi umene munapempha, amene munawapempha, ndi chifukwa chimene anakupatsani. Bwana amene akukumbukira kuti anakuletsanidi sakonda kutsutsa zimenezo pa pepala. Ndipo ngati chaka sichinathe, dzazani fomu ina lero lomwe. Akavomera, mwapuma. Akakana, mwapeza umboni.

Sankhani chimene mukufuna, ndipo muike madeti

Pempho longoti “ndikupempha kuti masiku anga apite chaka chamawa” ndi losavuta kulikana, chifukwa abwana amaona munthu amene adzakhale ndi masiku 24 n'kusowa mwezi wathunthu pa nthawi yosadziwika. A zachuma nawonso sawakonda masiku ounjikana, poti m'mabuku awo amalembedwa ngati ngongole ya kampani, ndipo malipiro anu akakwera ngongoleyo imakweranso. Muwachotsere mantha amenewa powauza tsiku lenileni limene mudzatenge masikuwo, ndi amene adzagwirizire ntchito yanu.

Ife tinayang'ana nyengo imene ntchito imachepa pa kampani yawo, imene ndi Febuluwale, anthu ndalama zitathera ku fizi ndi feteleza. Tinaika masiku asanu mu Febuluwale ndi anayi mu Meyi, nthawi yokolola kumudzi. Onse akugwera Juni asanathe, mkati mwa miyezi isanu ndi umodzi ija. Anakambirananso ndi mnzake watsopano wa pa tebulo lake kuti adzamugwirizira.

Kenaka tinaika njira yachiwiri: ngati kampani ikuumirira pa masiku asanu okha, anayi otsalawo amulipire. Mwaona pamene ndalama zalowera? Zabwera ngati njira yothandiza abwana kusunga lamulo lawo la masiku asanu, osati ngati chinthu chimene wantchito akulamula.

Ngati ndi ndalama, dziwani mtengo wa tsiku lanu

Musavomere kulipidwa musanadziwe mmene awerengere. Malo ambiri amagawa malipiro a pamwezi ndi 22 kwa wogwira masiku asanu pa sabata, kapena ndi 26 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi, chifukwa amenewo ndiwo pafupifupi masiku ogwira ntchito pa mwezi. Ena amatenga malipiro a chaka chonse n'kugawa ndi masiku ogwira ntchito a pa chaka, ndipo yankho limasiyana pang'ono chabe. Koma alipo amene amagawa ndi 30, ndipo pamenepo mpamene muyenera kutsegula maso.

Tiyerekeze ndi malipiro a K440,000 pa mwezi. Kugawa ndi 22, tsiku limodzi ndi K20,000, ndipo masiku 9 ndi K180,000. Kugawa ndi 30, tsiku limatsika kufika pafupifupi K14,667, ndipo masiku 9 omwewo ndi K132,000. Kusiyana kwake ndi K48,000. Mfundo yotsutsira ndi yosavuta: livi yanu inawerengedwa m'masiku ogwira ntchito, ndiye mtengo wa tsiku uwerengedwenso m'masiku ogwira ntchito. Sizingatheke kuti pokupatsani livi Loweruka ndi Lamlungu asawerengedwe, koma pogawa ndalama awerengedwe.

Funsaninso ngati akuwerengera malipiro enieni okha kapena pamodzi ndi ndalama za nyumba ndi zina zimene mumalandira mwezi ndi mwezi, komanso ngati akugwiritsa ntchito malipiro a panopa kapena a chaka chimene masikuwo anapezeka. Yankho likhale m'buku la malamulo a pantchito kapena m'kalata yokuyankhani.

Ndipo kumbukirani msonkho. Ndalama za livi ndi malipiro ngati ena onse, zimadulidwa PAYE. Poti zimaunjikidwa pamwamba pa malipiro a mwezi umenewo, zimadulidwa pa mlingo wapamwamba umene malipiro anu afika, ndiye zimene zifike m'manja n'zochepa kuposa zimene mwawerengera pa pepala. Ndaonapo anthu akukwiya pa tsiku lolandira, akuganiza kuti kampani yawabera, pamene ndalamazo zapita ku MRA. Ine maganizo anga ndi akuti ngati mulibe vuto la ndalama lofulumira, tsiku lopuma ndi lamtengo kuposa K20,000 yodulidwa msonkho. Koma mwini thumba ndi inuyo, ndipo Januwale tonse timamudziwa.

Lankhulani kaye, kenaka lembani

Musawadzidzimutse abwana anu ndi kalata yopita kwa akuluakulu iwo asakudziwa. Apezeni pa nthawi imene sali otanganidwa, osati Lolemba m'mawa kapena tsiku lokonza malipiro. Mlongo wanga anangoti, “Bwana, pepani, ndimafuna tithandizane za masiku anga aja munati ndidikire. Ndaika madeti amene ndikuona kuti sangasokoneze ntchito. Ndimati muwaone ndisanapereke kalata.” Sanatchule lamulo ngakhale kamodzi. Lamulo lisungeni m'thumba, mudzalitulutse pokhapokha akakana.

Kalata yake inali yaifupi. M'maofesi ambiri imalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi izi:

“Bwana, malinga ndi mabuku a ku ofesi yoona za antchito, ndatsala ndi masiku 9 a livi ya chaka chino. Ndinapempha livi mu Ogasiti ndi mu Novembala, koma ndinauzidwa kuti ndidikire chifukwa cha kuwerenga katundu komanso katundu wa Khirisimasi. Umboni wake ndaphatikiza. Ndikupempha kuti masiku onse 9 awolokere chaka chamawa, nditenge asanu mu Febuluwale ndi anayi mu Meyi, pa madeti amene ndalemba pa mafomu awiri ali pamodzi ndi kalatayi. Ngati kampani singathe kuwolotsa oposa asanu, ndikupempha kuti anayi otsalawo ndilipidwe pamodzi ndi malipiro a Januwale. Ndingathokoze nditalandira yankho lolembedwa pasanafike pa 19 Disembala.”

Palibe madandaulo, palibe mbiri ya mmene wavutikira, palibe zoti mnzake wina anapatsidwa. Pali nambala, chifukwa, madeti, njira yachiwiri ndi tsiku loyankhira. Tsiku loyankhirali likhale chaka chisanathe komanso akuluakulu osayina asanapite kutchuthi. Sindikizani makope awiri. Ina mupereke, inayo wolandira asayinepo ndi kulemba deti, mupite nayo kunyumba. Osaisiya m'dirowa ya kuntchito kapena mu imelo ya kampani yokha, chifukwa tsiku limene mudzaifune kwambiri likhoza kukhala tsiku limene mulibenso makiyi.

Mayankho amene mungalandire

Loopsa kwambiri si “ayi”. Ndi lija loti, “Musadandaule, tidzaona Januwale.” Limamveka lokoma, koma abwana amasamutsidwa, amasiya ntchito, amaiwala, ndipo kompyuta ya ku ofesi ikafika pa 1 Januwale imangodula masiku monga anaiuzira. Mukalandira yankho lotere, thokozani, kenaka tsiku lomwelo tumizani uthenga: “Bwana, zikomo povomera kuti masiku anga 9 awoloke monga tinakambirana lero. Ndikupempha musayine mafomu aja kuti a ku ofesi alowetse m'mabuku.” Fomu ya livi yosayinidwa, yokhala ndi madeti a Febuluwale, ndi yamphamvu kuposa lonjezo lililonse.

Akati atha kukupatsani livi yonse pompano, Disembala yemweyu, dziwani kuti zimenezo n'zololedwa. Tsiku loyambira livi amasankha ndi abwana, atakambirana nanu. Simungakane kupuma pofuna kukakamiza ndalama. Mungoonetsetsa kuti pa 25 ndi pa 26 Disembala komanso pa 1 Januwale sanakuwerengereni ngati livi.

Akakana zonse, osakupatsani livi, osawolotsa, osalipira, pamenepo ndi pamene mumatchula gawo 44 ndi 45 mwaulemu m'kalata yachiwiri, yopita kwa oyang'anira antchito. Ngati pali yuniyoni, pitani ndi nthumwi yake. Zikakanika mkati, dandaulo limapita ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, kumene amaitana mbali zonse ziwiri kuti ayanjanitse, ndipo zikakanikanso kumeneko nkhani imapita ku khoti la za ntchito. Kunena zoona, ochepa ndi amene amafika kumeneko chifukwa cha masiku anayi akadali pa ntchito, ndipo ndikuwamvetsa. Koma makalata aja amakhalabe ndi ntchito yake.

Ntchito yake imaonekera pa tsiku lochoka. Pamenepo masiku amene munapeza koma simunapatsidwe ayenera kulipidwa, ndipo gawo 53 limati malipiro onse amene wantchito akuyenera kulandira alipidwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Chenjerani ndi mawu oti “masiku anu a livi alowa mu notisi”: lamulo silola kuti livi ya pachaka iyendere limodzi ndi nthawi ya notisi. Ndipo musasayine pepala lonena kuti mwalandira zonse musanaone mzere wa livi pa chikalata cha malipiro omaliza, ndi nambala ya masiku yogwirizana ndi ya m'kabuku kanu.

Za mlongo wanga, abwana ake anasankha kuwolotsa masiku onse 9, poti a zachuma anati Januwale ndalama zolipira livi palibe. Anasintha sabata ya mu Febuluwale n'kuikankhira kumapeto kwa mwezi, iye n'kuvomera. Sabata yachiwiri ya Januwale ndinamukumbutsa kuti akafunsenso nambala ya masiku ake. Inayenera kukhala 24, kutanthauza 15 a chaka chatsopano ndi 9 owoloka. M'kompyuta munali 20. Anatenga kope yake yosayinidwa ija n'kukaionetsa kwa amayi a mafayilo aja, ndipo anakonza iye ali chiimire pomwepo.